Bajeti ya pamwezi ya mlimi wolandira kamodzi pachaka ikundikanika

Mlangizi Watsopano: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Fomu ya ku ofesi ikufuna ndalama zolowa pamwezi. Mlimi wanga wagulitsa zokolola, wapeza 1,200,000 kamodzi basi. Ndagawa ndi 12, yabwera 100,000, koma wandiseka, akuti ndalama sidzafika nthawi yodzala. Ena pagulupo ndi aganyu. Ndilembe chiyani?

Wa Makompyuta: Zosavuta izi achimwene. Lowetsani miyezi yonse mu Excel, AVERAGE, mwamaliza.

Mayi Mkhalakale: Mlimiyo wakusekani bwino. 1,200,000 yo si yake yonse. Yambani mwachotsa za munda wa chaka chamawa, tinene 400,000 ya mbewu, fetereza ndi olima. Ngongole 150,000. Fizi ya matemu atatu 150,000. Zadzidzidzi 80,000. Yatsala 420,000, ndiyo yogawa imeneyo. Ine ndimagawa ndi 14, chifukwa kukolola si kulandira, ogula amachedwa. Ndiye azidzilipira 30,000 pamwezi. Zimene wasunga zoti adye musaziwerengere ngati ndalama.

Wa Makompyuta: Koma ndi avereji yomweyo mayi.

Mayi Mkhalakale: Kwa mlimi mwina, mutachotsa kaye. Kwa waganyu ayi. Akapeza 90,000 mwezi uno, wamawa 20,000, avereji imamuuza 55,000 yomwe mwezi wachiwiriwo alibe. Lendi ndi chakudya zikwanire pa mwezi woipa. Za mwezi wabwino zoposa pamenepo azisunga padera.

Wa Zangongole: Samalani ndi mwezi woipawo. Mukaufufuza mu Excel ndi MIN, yopeza nambala yotsikitsitsa, ikupatsani 0 ngati pali mwezi umene anakhala osagwira ntchito, ndipo bajeti ya 0 palibe. Ine ndimatenga miyezi itatu yotsikitsitsa imene anapezako kanthu. Komanso aganyu ambiri salemba, amakumbukira miyezi yabwino yokha.

Bambo wa Kumunda: Ine zamapepalazi ndinazisiya. Gulu lina tinakonza bajeti yokongola, maenvulopu 12, aliyense mwezi wake. Patangopita milungu yochepa wina wadwala, achibale amva kuti kwagulitsidwa, maenvulopu onse anang'ambidwa. Ndalama yokhala m'nyumba siimva bajeti. Za munda agule zipangizo pomwepo, mitengo imakwera mvula ikayandikira.

Mayi Mkhalakale: Fetereza inde, ngati ali ndi pouma. Mbewu ndimakayika bambo, ikasungidwa potentha kapena pachinyezi imamera mwapatalipatali.

Wa Makompyuta: Pachaka chonse avereji sinama. Mungoonjezera kolamu.

Wa Zangongole: Wolipiritsa lendi sadikira chaka bwana. Chinanso, miyezi si yofanana. Chakudya chosunga chikatha kukolola kusanafike, 30,000 ija siikwana, ndipo ndi nthawi yomweyo yopalira. Miyezi imeneyo muipatse zambiri, yoyambirira muichepetse.

Mlangizi Watsopano: Ndamva, koma fomuyi ili ndi bokosi limodzi lokha. Ndilembe 30,000 kapena 100,000?

Bambo wa Kumunda: Fomu yanu ndi ija yatsopano? Kwathu sinafike, tikadali pa yakale ya masamba anayi.