Za mutu womangiriza mfundo ndi zoyeza: mmene zathera

Ndinafunsa kuti: “Ndingalumikize bwanji mfundo zikuluzikulu ndi zinthu zoyezeka pa kafukufuku wa mmene asodzi a ku Senga Bay amapezera zofunika pa moyo?”

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo a mayi amene anati ndisayambe ndi chithunzi cha mabokosi a mfundo olumikizidwa ndi mivi, koma mfundo iliyonse ndiipatse tanthauzo, choyezera, ndi funso limene lidzafunsidwe kunyanja.

Pa mitundu isanu ya chuma imene DFID, nthambi ya boma la Britain imene inkaona za chitukuko cha maiko ena, inafotokoza mu 1999, chuma cha ubale ndicho chinandivuta, chifukwa kungofunsa ngati munthu ali m'gulu sikuonetsa thandizo limene amapeza. Tsopano ndikuyeza ngati banja lili mu banki m'khonde, ndiponso ngati linatha kubwereka ndalama m'nyengo ya mwera, pamene usipa umasowa.

Amene akundiyang'anira avomereza mutuwo, atangondiuza kuti ndalama za nsomba zikhale m'bokosi la zotsatira mokha, osatinso la chuma, pakuti chinthu sichingadzifotokoze chokha. Kwa amene akulemba zofanana: muvi uliwonse ukhale ndi funso lake m'chikalata cha mafunso, ndipo wopanda funso ufufutidwe.