Kiyibodi ikugwira mu Windows koma ikukana pa BIOS, ndithandizeni

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi kompyuta ya pa tebulo imene ndimataipira makalata a anthu ndi mayeso a sukulu. Ndi yochita kulumikiza, purosesa yake ndi Core i5-2400, ndipo ili ndi Windows 10. Ndagula SSD, fulashi yoikira Windows ndakonza kale, koma ndikulephera kulowa mu BIOS kuti kompyuta iyambire pa fulashiyo. Ikamayaka imalemba kuti ndidine Del. Ndimadina mpaka chala kuwawa koma imangopitirira kulowa mu Windows ngati sindinakhudze kalikonse. Windows ikangotseguka, kiyibodi yomweyo imalemba bwinobwino, ngakhale batani la Del limafufuta. Kiyibodiyo ndi yopanda waya, ili ndi kadongulo kakang'ono kamene ndinalowetsa kumbuyo chifukwa mabowo a USB akutsogolo anakhwefuka kalekale. Ntchito ya mayeso yayandikira ndipo hadi disiki yakale yayamba kulira. Vuto ndi kiyibodi kapena kompyuta?

Jah Lumbadzi: Madiraiva amenewo mayi. Lowani mu Device Manager, muchotse kiyibodi, kenako muyatsenso kompyuta. Ine zinanditheka choncho.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Achimwene, madiraiva ndi a Windows, ndipo mayiwa anena kuti mu Windows zonse zili bwino. Nthawi imene akudina Del, Windows imakhala isanadzuke n'komwe. Ine ndikuona kuti vuto ndi kiyibodi yopanda waya. Zimenezi sizigwira mu BIOS, pamafunika ya waya basi.

Madala Wamawaya: Aphunzitsi, za madiraiva mwalondola, koma za kiyibodi yopanda waya mwaphatikiza zinthu ziwiri. Imene kawirikawiri imakana mu BIOS ndi ya Bluetooth, chifukwa imadikira Windows kuti iyilumikize. Ya dongulo ndi ina. Kadonguloko kamalankhula kokha ndi kiyibodi yake pa 2.4 GHz, ndipo kwa kompyuta kamadzionetsa ngati kiyibodi wamba ya USB. BIOS siidziwa n'komwe kuti palibe waya. Zambiri zotere zimagwira. Mayi a Tadala, tasuzumirani kumbuyoko, bowo limene muli dongulo mkati mwake ndi la mtundu wanji, labuluu kapena lakuda? Ndiponso kodi kulipo bowo lozungulira, lapepo kapena lobiriwira, la timaenje tating'ono?

Mayi a Tadala: Madala, ndaona. Dongulo ili m'bowo labuluu. Abuluu alipo awiri, akuda anayi, koma mwa akudawo muli pulinta, sikana ndi mawaya ena. Lozungulira lilipo limodzi, theka lapepo theka lobiriwira.

Madala Wamawaya: Ndiye ndikukayikira bowo labuluulo. Purosesa yanuyo ndi ya 2011, ndipo pa mazabodi a nthawi imeneyo chipu chachikulu cha Intel chinkayendetsa USB 2.0 yokha, ndiwo mabowo akudawo. USB 3.0, ya mabowo abuluuwo, inalowa m'chipu chachikulu mu 2012. Opanga mazabodi akafuna kuika mabowo abuluu chaka chimenecho chisanafike, ankamata kachipu kena kapadera ka kampani ina. BIOS ya mazabodi ambiri otere siiyendetsa kachipu kameneko, kapena imakadzutsa mochedwa. Kamayamba ntchito Windows ikatsegula diraiva yake. N'chifukwa chake kiyibodi yanu imakhala chete pamene akufunsa Del, kenako n'kukhala bwino mu Windows.

Chitani izi. Zimitsani kompyuta, muzule pulinta, sikana ndi china chilichonse cha USB. Dongulo muyiike m'bowo lakuda, makamaka mwa awiri amene ali pafupi ndi bowo lozungulira lija, poti pa mazabodi ambiri amenewo anaikidwira kiyibodi ndi mawusi. Musanayatse, dinani batani lililonse pa kiyibodi kuti idzuke, chifukwa kiyibodi ya mabatire imagona ikakhala osagwiritsidwa ntchito ndipo kudina koyamba kumatha kungoidzutsa. Mukayatsa, Del muzidina mobwerezabwereza kuyambira pomwepo, musadikire kuti sikirini iwale ndipo musalipanikize osalisiya.

Fulashi yanunso ikhale m'bowo lakuda. Mukaiika mwa labuluu, mukhoza kulowa mu BIOS koma osaiona pa mndandanda wa zoyambira.

Chifundo wa ku Area 25: Bwanji osangolowera mu Windows momwemo? Tsegulani Command Prompt ngati Administrator mulembe izi, ikutengerani mu BIOS yokha popanda kudina Del:

```
shutdown /r /fw /t 0
```

Mayi a Tadala: Achemwali, ndayesa zanuzo poyamba chifukwa zimaoneka zachidule. Yakana, yangolemba uthenga wa vuto ndipo kompyuta sinazime.

Madala Wamawaya: Lamulo limenelo ndi labwino, koma limagwira pokhapokha Windows itaikidwa mwa UEFI. Lembani `msinfo32` pa Start muone mzere wa BIOS Mode. Pakalembedwa Legacy, njira imeneyo yatsekeka, ndipo ngakhale mutagwira Shift n'kudina Restart simudzapeza UEFI Firmware Settings. Komanso likanagwira, likanakufikitsani mu BIOS muli ndi kiyibodi imene ili m'bowo lomwe BIOS siiliona. Mukanangoyang'ana sikirini popanda chosuntha.

Mayi a Tadala: Palembedwadi Legacy.

Jah Lumbadzi: Ndiye gulani kaadaputa kapepo kaja, kolowetsa USB mbali ina, mbali ina n'kulowa m'bowo lozungulira. N'kotchipa, ogulitsa zida za makompyuta amakhala nato.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Timeneto ndinagulira labu ya kusukulu kwathu. Pa makiyibodi akale tinagwira, pa atsopano ayi. Mpaka lero sindimvetsa.

Madala Wamawaya: Chifukwa chake n'chakuti m'kaadaputako mulibe chipu chilichonse, ndi timawaya chabe tolumikiza mapini. USB ndi PS/2, lomwe ndi bowo lozungulira lija, zimatumiza zizindikiro mosiyana kotheratu. Makiyibodi ena akale anapangidwa odziwa zonse ziwiri, akazindikira kuti alowetsedwa pa PS/2 amasintha okha. Atsopano ambiri amadziwa USB yokha, ndipo dongulo musayese n'komwe kuiika pa kaadaputako, sizigwira.

Koma kiyibodi yeniyeni ya PS/2, ya pulagi yozungulira ya mapini 6, ndimayisunga pa shopu ngati tayala la sipeya. Bowo limeneli linayamba ndi makompyuta a IBM mu 1987 ndipo ubwino wake ndi wakuti BIOS siifunika kuyamba yadzutsa USB kuti ilimve. Kaya wina anazimitsa USB mu BIOS, kaya anatsegula Fast Boot imene pa mazabodi ena imadumpha kuyang'ana za USB poyaka, ya PS/2 kawirikawiri imayankhabe. Lamulo lake ndi limodzi: muziilowetsa kompyuta ili yozima. Mukailowetsa ikuyaka nthawi zambiri siizindikirika mpaka mutayatsanso, ndipo pa mazabodi akale mukhoza kuwononga bowolo. Onetsetsaninso kuti mapini sanapindike, osakakamiza. Bowo lanu la mitundu iwiri limalandira kiyibodi kapena mawusi, chimodzi pa nthawi.

Bambo a Yamikani: Pepani kulowerera, ine langa ndi lofanana. Chizimireni magetsi usiku wa mvula ija, kompyuta ya ku tchalitchi ikumaima pa sikirini yakuda, ikulemba za CMOS ndiponso kuti ndidine F1. Ndayesa makiyibodi a waya a anzanga, onse zii. Mu Windows sikufika n'komwe.

Chifundo wa ku Area 25: Bambo, limenelo ndi batire la pa mazabodi. CR2032, lija lozungulira ngati ndalama yachitsulo. Sinthani basi.

Madala Wamawaya: Batire likhoza kukhala lomwe labweretsa uthengawo, makamaka ngati wotchi ya kompyuta inkabwerera m'mbuyo. Latsopano limakhala ndi mavoti 3. Koma batire lakufa pa lokha silipha kiyibodi, ndiye bambo vuto lanu si la mayiwa. Yang'anani timagetsi ta Num Lock, Caps Lock ndi Scroll Lock pamene mukuyatsa. Pa makiyibodi ambiri a waya timaphethira kamodzi kompyuta ikangoyaka. Kenako dinani Num Lock. Kagetsi kakamayaka ndi kuzima, kompyuta ikuimva kiyibodiyo. Ngati palibe kuwala kulikonse, lowetsani mawusi ya waya muone ngati kagetsi kofiira kapansi kakuyaka, ndipo muyese bowo lililonse, lakumbuyo ndi lakutsogolo. Ngati konse kuli mdima, mabowowo sakulandira mavoti 5 ake, ndipo zimenezo zimakhala za kafyuzi kapena chipu chopsa pa mazabodi. Pamenepo mpofunika munthu wa mita.

Bambo a Yamikani: Mawusi ikuyaka, madala. Koma Num Lock sikuyankha.

Madala Wamawaya: Ndiye magetsi alipo, chiyembekezo chilipo. Zulani waya wa magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo, chotsani batire lija kwa mphindi 5, muike latsopano. BIOS ibwerera mmene inachokera ku fakitale. Chenjezo langa ndi ili: zikatero nthawi zina SATA Mode imasintha pakati pa AHCI ndi IDE, ndipo Windows imaonetsa sikirini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Musathamangire kufufuta disiki, mungobwezera pamene inali. Zikakanikabe, bwerekani ya PS/2 ngati bowo lilipo.

Mayi a Tadala: Ndabweranso. Ndasamutsira dongulo m'bowo lakuda. Ndikachita Restart kuchokera mu Windows, Del akugwira ndipo ndalowa mu BIOS. Koma ndikaizimitsa kotheratu n'kuyatsanso, nthawi zina ikugwira nthawi zina ayi. Ndabwereka kiyibodi ya waya ya USB kwa a neba a sitolo, imeneyo m'bowo lakuda ikugwira nthawi zonse, m'labuluu ikukananso. Vuto latsopano ndi ili: ndasankha fulashi, yalemba "Press any key to boot from USB", koma apa makiyibodi onse awiri afanso.

Madala Wamawaya: Bwererani mu BIOS, pitani pa Advanced, kenako USB Configuration, mupeze Legacy USB Support. Ndikuganiza kuti ili pa Disabled. Pa mazabodi ena ikakhala yozimitsa, kiyibodi imagwirabe mkati mwa BIOS momwemo, koma mukangotuluka imafa mpaka Windows itaitenga. Uthenga wa fulashi uja uli pakati pomwepo. Ikani Enabled, musunge ndi F10.

Mayi a Tadala: Inalidi pa Disabled. Ndasintha, ndadina batani ndipo sikirini yoikira Windows yatuluka. Zikomo kwambiri madala, mwandipulumutsira ntchito ya mayeso. Nanga dongulo ija kugwira mwa apo ndi apo?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Si zomwe ndinanena zija? Zopanda waya n'zosadalirika pa BIOS.

Madala Wamawaya: Pa iyi mwina muli ndi mfundo aphunzitsi. Kompyuta ikachokera kozima, dongulo imayamba yalandira magetsi, kenako ipezane ndi kiyibodi, pamene mpata wa Del ndi wa masekondi ochepa. Pa Restart mabowo ambiri sataya magetsi, ndiye ziwirizo zimakhala zikumvana kale. Mabatire ofooka amachititsanso zomwezo. Mayi, yesani atsopano, ndipo mukabwezera zinthu zanu musaike hadi disiki ya USB 3.0 moyandikana ndi dongulo, poti imasokoneza 2.4 GHz.

Chifundo wa ku Area 25: Yanga ndi ya dongulo ndipo sinandikanepo ngakhale kompyuta itachokera kozima. Ine ndikuti ndi mabatire.

Bambo a Yamikani: Batire la CR2032 lija ndapeza, koma makiyi a ofesi ya tchalitchi ali ndi a mlembi mpaka Loweruka. Madala, kodi bowo lozungulira likakhala lobiriwira lokhalokha, kiyibodi ingagwiremo?