Mitu iwiri ya nkhani imodzi, wapambanadi ndi uti?

Moni nonse. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni.

Ndinayesa mitu iwiri pa nkhani imodzi ya kusowa tulo. Woyamba: "N'chifukwa chiyani simugona bwino?" Wachiwiri: "Zizolowezi 3 zamadzulo zimene zikukulandani tulo."

Poyamba ndinaika wina Lolemba, wina Loweruka, koma ndinazindikira kuti ndikuyerekeza masiku, osati mitu. Kenako ndinagawa owerenga pawiri mwachisawawa, tsiku limodzi, chithunzi chomwecho. Mutu uliwonse unaonedwa ndi anthu 500. Woyamba anaudina 30, wachiwiri 38.

Kusiyana kwa anthu 8 sindikukukhulupirira, mwina ndi mwayi chabe. Chinanso, amene anadina wafunsowo ndiwo anawerenga kwambiri mpaka kumapeto.

Kodi ndidikire anthu angati ndisanagamule? Nanga ndiwerenge odina kapena omaliza nkhani?