Nyimbo ya msodzi wosabwerako tiitche chiyani?

Nabanda wa ku Chia: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Nyimbo yanga yatha kujambulidwa koma mutu watikanika. Ikunena za mayi amene mwamuna wake anali siginala, uja amakhala m'bwato la nyali poitana usipa. Adapita usiku wa mwera osabwerako. Kolasi ikuti "Nyali zonse zabwera kugombe, yako yokha ayi." Amene akundithandiza ndalama akufuna tiitche "Usiku wa ku Senga Bay", ati dzina limeneli ligulitsa ku Lilongwe. Ng'oma yake ndi yothamangako ndithu, moti munthu akhoza kuvina. Koma mtima wanga ukukana.

Che Jafali (DJ): Mtima wanuwo ukunena zoona achemwali. Ine pa ukwati ndimakhala ndi nyimbo zambirimbiri, sindingamvere iliyonse mpaka kumapeto. Ndimaona mutu, ndimamvera poyambira, basi ndaika. Mukanditumizira "Usiku wa ku Senga Bay" ya ng'oma yothamanga, ndiiponya nthawi ya perekaniperekani, chifukwa Senga Bay anthu amaidziwa ndi mahotela ndi zisangalalo za kunyanja. Ndiye tangoganizani mkwati ali pakati, sipika n'kumati "yako yokha ayi", pamene pa anthupo pali mayi amene adatayadi mwamuna wake panyanja. Eni ukwati sangandiitanenso, ndipo inenso nyimbo zanu sindingazikhulupirirenso.

Mwale wa gitala: Lamulo lake n'limodzi basi: mutu uchoke mu kolasi. Tengani mawu obwerezedwa kwambiri. Itcheni "Yako Yokha".

A Phiri a situdiyo, Kamuzu Road: A Mwale, zoti tiyang'ane mu kolasi ndikugwirizana nazo, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Nyimbo zathu zambiri zimayenda pa WhatsApp ndi pa mamemore. Munthu akaitumiza ngati audio, pafoni ya mnzake imasungidwa ndi dzina longa `AUD-20240612-WA0003`, mutu wanu uja watsala m'njira. Woika nyimbo pamsika akailandira amaipatsa dzina kuchokera pa zimene khutu lake lagwira, ndipo woimba foni ku wailesi amati "mundiikire ija imati zakutizakuti." Choncho mutu umene mawu ake sakumveka m'nyimbomo umafa msanga. "Usiku wa ku Senga Bay" yagwa kale pamenepo, poti mawuwo mulibemo.

Koma kolasi ukaidula pakati imathanso kunama. "Yako Yokha" munthu wosaimva aganiza kuti ndi ya chikondi, mnyamata akulonjeza mtsikana. "Nyali Zabwera" ikumveka ya chikondwerero, wina mpaka aganiza za magetsi kufika m'mudzi. Chisoni cha mzerewo chili pa mawu oti "ayi", ndipo mitu iwiriyi yawasiya kunja.

Ine ndisanalembe mutu pa failo ndimayesa kawiri, ndi magulu awiri a anthu osakumana. Gulu loyamba ndimaliuza mutu wokha, nyimbo osaliimbira, n'kufunsa kuti ikunena chiyani ndipo ingaimbidwe pa mwambo wanji. Gulu lachiwiri ndimaliimbira nyimbo kamodzi osatchula mutu, mawa lake n'kufunsa kuti akanafuna kuipempha pa wailesi akanati chiyani. Mudikire tsiku lidutse, chifukwa chimene chatsala m'mutu munthu atagona ndicho adzachitchule. Mayankho a magulu awiriwa akayandikana, mutu wapezeka. Musafunse oimba anzanu okha, funsani amayi oyanika usipa pathandala ndi anyamata a kabaza.

Nabanda wa ku Chia: Zikomo bambo Phiri. Mu vesi yachiwiri muli mzere woti "Mwera wanditengera." Amayi anga atamva nyimbo yonse ndi umenewo adaubwereza. Koma ukumveka kamodzi kokha.

Gama Junior: Ingoonetsetsani kuti mwalembetsa mutuwo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, msanga anthu asanakubereni. Mukalembetsa palibenso wina angatche nyimbo yake dzina lomwelo.

A Phiri a situdiyo, Kamuzu Road: Achimwene, funso silinali la kuberedwa, komanso sizili choncho. Chimene chimatetezedwa ndi nyimbo yeniyeniyo, mawu ake ndi maimbidwe ake. Mutu wa mawu awiri wamba sungakhale wa munthu mmodzi, n'chifukwa chake nyimbo zosiyana zotchedwa dzina limodzi zilipo zambiri. Pamene mfundo yanu ikugwira ndi apa: dzina limene mwalembetsa ku COSOMA likhale lomwelo pa failo, pa chithunzi ndi pa zimene mwapereka ku wailesi, kalembedwe kake osasintha. Wailesi ikalemba dzina lina pa mndandanda wa nyimbo zimene yaimba, kulondola ndalama zanu kumavuta.

A Nabanda, "Mwera Wanditengera" ndaukonda. Aliyense wa m'mbali mwa nyanja akudziwa chimene mwera umachita m'miyezi ya June ndi July, ndipo "wanditengera" akunena kuti pali chotayika koma sakuulula kuti ndani. Munthu afuna amve kuti watenga chiyani, bwato, ukonde kapena munthu, ndipo akamva sapeza kuti mwamunamiza. Vuto la kumveka kamodzi tingalikonze. Bwerani tijambule mawu ovomereza okha: inu mukati "yako yokha ayi", oyankha aziti "mwera wanditengera." Kolasi ikabwera katatu, mutu wamveka kanayi pamodzi ndi wa mu vesi uja. Potumiza, failo mulitche `Nabanda - Mwera Wanditengera.mp3` ndipo mulitumize ngati document kuti dzina lisafufutike. Utali wake ulinso bwino: ma tag akale a ID3v1, osunga dzina la nyimbo m'kati mwa failo ya MP3, amalola zilembo 30 zokha pa mutu, wanuwu uli ndi 18.

Mayi Chisale, mlakatuli wa ku Dwangwa: Ine ndiona mosiyana pang'ono, mwina poti ndine wa ndakatulo. Kwa ife mutu umatchulidwa pakamwa tisanayambe kulakatula, anthu onse ali chete, ndiye sufunika kubwerezedwa m'kati. Ndili ndi ndakatulo ya odula nzimbe imene mutu wake ndi "Phulusa", mawu amene sapezeka mu mzere uliwonse, koma aliyense kuno akudziwa mmene munthu amaonekera akatuluka m'munda wa nzimbe zootchedwa. Nkhawa yanga pa nyimbo yanu mwanawe ndi yoti kolasi ija mphamvu yake ili pa kachetechete wobwera pambuyo pa "ayi". Mukadzazapo oyankha chifukwa chofuna kuti mutu umveke, mwasintha nyimbo kuti itumikire dzina. Mutu ndaugwirizana nawo, koma kolasi musaikhudze.

Che Jafali (DJ): Amayi akunena zomveka, koma osabwereza anthu adzaitcha "Nyali" basi, ndikukuuzani. Komanso wa ku Lilongwe amene sadaonepo nyanja, mwera audziwa ngati chinthu chopha?

Mwale wa gitala: Audziwa. Machenjezo a zanyengo pa wailesi amatchula mwera chaka chilichonse, kuuza asodzi kuti asalowe panyanja.

Nabanda wa ku Chia: Za Senga Bay ndazisiya, ndikawafotokozera ondithandizawo nkhani ya ukwati ija a Jafali anena. Za oyankha sindinatsimikize. Bambo Phiri, tingajambule mitundu iwiri, wina wa oyankha wina wopanda, kuti ndikayese pa magulu osiyana? Ngati omvera mtundu wopanda oyankha atchulabe mwera mawa lake, kolasi ikhala mmene ilili.

A Phiri a situdiyo, Kamuzu Road: Zitheka. Bwerani Loweruka m'mawa ndi oyankha awiri, wa mawu aang'ono ndi wa besi. Ndipo musawauze mutu anthu amene mukawayesewo, ngakhale akufunseni.