Ndalama zikumachoka zokha mu akaunti, ndithandizeni kuwerenga sitetimenti

Adimini ndibiseni dzina. Moni nonse. Ndine mayi wogwira ntchito m'boma kuno ku Dedza, ndipo malipiro anga amadzera ku banki. Ndatenga sitetimenti ya Febuluwale, Malichi ndi Epulo chifukwa ndalama zikumatha msanga ndisanagule chinthu chooneka. Zambiri ndazizindikira, monga zotapa pa ATM, zotumiza ku foni, magetsi ndi madzi. Koma pali mizere ina yomwe sindikuidziwa. Ya Malichi ikuoneka chonchi:

```
03/03  GOOGLE*...   3,484
10/03  GOOGLE*...   3,484
14/03  GOOGLE*...   8,737
17/03  GOOGLE*...   3,484
27/03  STO          5,000
```

Ya K3,484 ilinso pa 24 ndi pa 31. Ine sindigula kanthu pa intaneti. Khadi ndimasunga m'chikwama, kupatula chaka chatha pomwe mwana wa achemwali anga yemwe ndimakhala naye anabwereka kuti alipire fomu ya sukulu. Kodi ndi akuba? Ndipite kupolisi kapena ku banki? Chonde amene mukudziwa.

Wa kachewere ku Bembeke: Mayi, musachedwe, mawa m'mamawa kakhaleni woyamba pa mzere mukatseketse khadilo. Akupatsani lina, nkhani yatha. Akuba a masiku ano safuna kugwira khadi m'manja.

Mnyamata wa pa Chimbiya: Ngakhale ine zikundichitikira. Ndikaika mayunitsi a K1,000 usiku, kukacha ndimapeza atsala K850 osaimba foni ngakhale imodzi. Kodi nanenso ndipite ku banki?

Wa kachewere ku Bembeke: Aise, zako ndi za mayunitsi izo. Unavomera nyimbo yodikirira kapena mauthenga a mpira. Imbira kampani yako ya foni akuchotsere. Mayiwa akukamba za akaunti ya ku banki.

Mlembi wakale wa ku banki: Mayi, musanapite kulikonse, khalani pansi ndi sitetimentiyo ndi cholembera. Ndaona mapepala otere ambiri pomwe ndinkagwira ntchito pa kauntala, ndipo zomwe mwalembazi sizikuoneka ngati za wakuba. Wakuba amatapa zambiri nthawi imodzi khadi lisanatsekedwe. Sabwera mwaulemu tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse kudzatenga ndalama yofanana.

Taonani masiku a K3,484: 3, 10, 17, 24, 31. Pakati pake pali masiku 7 nthawi zonse. Chimenecho ndi chinthu cholipira pa sabata, ndipo n'chifukwa chake chimavuta kuchiona, popeza munthu amafufuza deti lofanana mwezi ndi mwezi pomwe ichi deti lake limasuntha. Mukagawa ndi mtengo wa dola wa ku banki, pafupifupi K1,751, mupeza madola 1.99. Ya K8,737 ndi madola 4.99, ndipo mukaona pa Febuluwale ndi Epulo ndikukhulupirira muipeza pa 14 kapena pafupi pomwepo. Mitengo yothera ndi 99 imeneyi ndi ya ma apu a pa foni. Ambiri amayamba ndi masiku angapo aulere, koma kuti munthu alowe amayamba walemba nambala ya khadi. Masiku aulere akatha, amayamba kudula osafunsanso.

Kooneka kochepa ka pa sabatako ndi komwe kakukupwetekani kwambiri. M'Malichi mokha kadya K17,420, ndipo pa chaka ndi ndalama yoposa K180,000. Ka pa mwezi kaja pa chaka n'kupitirira pang'ono K104,000.

Wa K5,000 ndi nkhani ina, sukukhudzana ndi khadi. STO kawirikawiri imatanthauza lamulo lomwe mwini akaunti anasainira kuti banki izitumiza ndalama kwinakwake mwezi uliwonse. Ngakhale mutatseka khadi lero, umenewo upitirira.

Mwini funso: Zikomo bambo. Ndaona, pa Febuluwale ili pa 14, pa Epulo ilinso pa 14. Mtsikanayu ndamufunsa, poyamba amakana, kenako wavomera kuti anaika apu yokonzera zithunzi ndi ina yophunzirira Chingerezi. Koma akuti zonse anazifufuta kalekale m'foni mwake, moti wandionetsa, mulibedi.

Mlembi wakale wa ku banki: Apo ndi pomwe ambiri amagwera. Kufufuta apu m'foni sikuletsa malipiro. Mgwirizano uli pa akaunti yake ya Google, osati m'foni. Ngakhale foniyo itagwera m'chitsime, ndalama zizichokabe.

Mutengeni akhale pambali panu, atsegule Play Store, adine kachithunzi kake pakona yakumwamba kudzanja lamanja. Asankhe Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Pamenepo pabwera chilichonse chomwe chikulipiridwa, mtengo wake ndi tsiku lomwe adzadulenso. Adine chimodzichimodzi, asankhe Cancel subscription. Afunsidwa chifukwa, mwinanso amuonetsa zoti angoimitsa kaye kwa kanthawi. Asavomere zoimitsazo, chifukwa nthawiyo ikatha zimayambiranso zokha. Apitirize mpaka ziwonetse kuti zathetsedwa ndi tsiku lomwe zithere. Jambulani pamenepo musunge, ndipo imelo yotsimikiza imabweranso.

Mukapeza mndandandawo uli wopanda kanthu musasangalale msanga. Achinyamatawa amakhala ndi ma imelo awiri kapena atatu. Adinenso kachithunzi kaja asinthe akaunti, muyang'ane iliyonse. Njira ina n'kulowa mu Gmail n'kufufuza mawu akuti Google Play, malisiti onse atuluka ndi masiku ake, ndiye mufananize ndi sitetimenti yanu.

Wa kachewere ku Bembeke: Koma bwana, zonsezi n'zachani? Khadi likatsekedwa adula pati? Ine ndinatero ndipo zinasiya.

Mlembi wakale wa ku banki: Simukunama achimwene, nthawi zambiri zimasiyadi, ndipo ngati mayiwa akanapeza kuti palibe wa m'nyumba mwawo akudziwapo kanthu, ndikanati atseketse lero lomwe. Koma khadi latsopano ndi lolipira, mudikirenso kuti lituluke, ndipo mgwirizano uja umakhala ulipobe kwa kanthawi. Mtsikanayu akalembanso khadi lina pa akaunti yomweyo m'nthawi imeneyo, ukhoza kudzukanso. Yambani mwadula ku gwero, khadi mutseke pambuyo ngati mtima sukukhazikika.

Mayi a geni ku Lizulu: Ine njira yanga ndi yachidule. Malipiro kapena ndalama ya geni ikangolowa ndimatapa yonse, mu akaunti mumatsala zero. Adule mphepo.

Namwino wa ku Ntcheu: Amayi a ku Lizulu, zimenezo zinamukanika mnzanga wa kuntchito. Akalephera kudula lero amayesanso mawa ndi mkuja kwa masiku angapo, ndiye ndalama ikangolowa amapezerapo. Iye ankadzuka m'mawa n'kupeza adula kale asanafike n'komwe pa ATM.

Koma ine ndabwerera za K5,000 ija. Mayi, musathamangire kuithetsa musanadziwe komwe ikupita. Pa 27 ndi nthawi ya malipiro, ndiye kuti ndi chinthu chomwe munasainira nokha. Kumbukirani anthu aja amabwera m'maofesi ndi m'masukulu ndi mafomu a inshuwalansi ya maliro, kapena tsiku lomwe munkatsegula akaunti n'kupatsidwa mapepala ambirimbiri. Azakhali anga anaithetsa yotere poganiza kuti akuberedwa, patapita miyezi amuna awo anamwalira, kupita kukafunsa anauzidwa kuti inshuwalansiyo inafa chifukwa chosalipira. Zaka zonse zomwe analipira zinapita pachabe. Ikhozanso kukhala yopita ku akaunti yanu yosungira yomwe munaiiwala, ndiye kuti ndalamazo ndi zanu zomwe.

Mwini funso: Mwandikumbutsa. Kunabweradi anthu ku ofesi zaka zapitazo, koma sindikukumbuka ngati ndinasaina. Ku banki ndikafunse chiyani kwenikweni?

Mlembi wakale wa ku banki: Tengani chiphaso cha unzika ndi sitetimentiyo, muwalozere mzerewo. Funsani dzina la wolandira ndalamayo, tsiku lomwe lamuloli linayamba, ndiponso akuonetseni fomu yomwe munasaina. Ikakhala inshuwalansi, pitani kwa eni ake akupatseni nambala ya polise ndi mayina a anthu omwe analembedwapo, kenako muganize bwino ngati mukuifunabe. Mukasankha kuisiya, lembani kalata ku mbali zonse ziwiri, akudindireni kope lanu. Mukaletsa ku banki kokha, winayo amangokuwerengerani kuti simukulipira. Fomu ikasowa ndipo banki ikukanika kukuyankhani zomveka, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, koma amafuna muyambe mwadandaula ku banki yanuyo.

Muli komweko pemphani sitetimenti ya miyezi 13, osati itatu yokha. Pali zina zodula kamodzi pa chaka, ndipo pa miyezi itatu simungazione. Funsani kaye mtengo, popeza yosindikiza pa kauntala amalipiritsa, pomwe ya pa apu ya banki kapena ya pa imelo imatsika mtengo kapena kukhala yaulere. Poyang'ana za m'mbuyo tsatani dzina ndi tsiku, osati kuchuluka kwa ndalama. Zolipira m'madola zimasintha ndi kwacha. Amene anali ndi zoterezi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, anaona ndalama yodulidwa italumpha mwezi umodzi, ena n'kumayesa kuti ndi chinthu chatsopano pomwe ndi chakale chomwecho.

Mnyamata wa pa Chimbiya: Mayi ingoikani chithunzi cha sitetimenti yonse pano tikuthandizeni kuwerenga.

Adimini: Ayi, musaike. Pali nambala ya akaunti ndi dzina. Ndipo aliyense wobwera kumbali kunena kuti ndi wa ku banki, akufuna nambala ya khadi kapena manambala obwera pa meseji, musamuyankhe, tiuzeni timuchotse.

Mwini funso: Ndabweranso. Pa imelo yoyamba munalibe kanthu. Pa yachiwiri, yomwe akuti anasiya kuigwiritsa ntchito, tapeza ya zithunzi ija, madola 1.99 pa sabata, ndipo taithetsa, yalemba kuti itha Lolemba. Ya madola 4.99 sitinaipeze pa ma imelo onse awiri. Akuti mwina ili pa imelo ya mnzake wa ku Lobi yemwe ankagwiritsa naye foni, koma mnzakeyo sakuyankha. Nanga zomwe anadula kalezi zingabwerere?

Namwino wa ku Ntcheu: Zakalezo iwalani mayi. Mwina ya sabata yomalizayi.

Mlembi wakale wa ku banki: Kupempha sikulakwa. Google imalandira pempho lobweza ndalama makamaka pasanathe maola 48 chidulireni, kupitirira apo amakutumizani kwa eni apu, ndipo iwowo ena amabweza ena ayi. Musakanene ku banki kuti khadi linabedwa pomwe munalipereka nokha kwa mwana, akafufuza zidzakutembenukirani. Koma ya pa 14 ija, ngati mnzakeyo sapezeka pofika pa 10, apo ndiye ndigwirizana ndi achimwene a ku Bembeke, katseketseni khadi.

Wa kachewere ku Bembeke: Mwaona? Tafika pomwe ndinanena m'mawa paja.

Mayi a geni ku Lizulu: Nanga za STO mwapita kale? Mutiuze, inenso ndili nayo ya K2,500 yomwe sindikuidziwa.

Mwini funso: Sindinapite, ndipempha chilolezo kuntchito Lachinayi.