SLA mu kontirakiti yanga: ndiwafunse bwanji abwana?

Membala wosatchula dzina: Moni nonse. Ndalembedwa ntchito yolandira madandaulo a makasitomala pa kampani ina ya intaneti. Ndime 7 ya kontirakiti ikuti ndizitsatira SLA, koma sanafotokoze kuti ndi chiyani. Ndikuyenera kusayina Lachisanu. Ndikufuna kuwalembera imelo abwana, koma ndikuopa kuoneka mbuli. Ndiyambire pati?

Kadaunda265: Ndi Service Level Agreement achimwene. Mwachidule ndi mataligeti anu. Mukaphonya amakudulani malipiro.

Mayi a Mapasa: Dzinalo mwakhoza, koma zodulazo musawaopseze nazo. Kawirikawiri SLA ndi pangano la kampani ndi kasitomala, lonena kuti vuto likabwera liyankhidwa ndi kukonzedwa pa nthawi yotalika bwanji. Nthawi ikapitirira, kampani ndi yomwe imachotsera kasitomala ndalama pa bilu. Zoti cholakwacho chikafike m'thumba mwanu zimadalira zomwe zalembedwa mu kontirakiti yanuyo.

Ndiye musangofunsa tanthauzo la zilembo zitatuzo, adzakuyankhani mzere umodzi mutsale pomwe munali. Pemphani chikalatacho. Mukachipeza muone kaye ngati nthawi yatchulidwayo ndi yoyankha kasitomala kapena yothetseratu vuto, poti ndi mawotchi awiri osiyana. Kenako muone mmene maola akuwerengedwera. Tiyerekeze kuti akuti maola 4, dandaulo lalowa Lachisanu 4 koloko madzulo, ofesi imatseka 5 n'kutsegula Lolemba 8 koloko. Akamawerenga maola a ntchito okha, malire anu ndi Lolemba 11 koloko m'mawa. Wotchi ikamayenda usana ndi usiku, malire ndi Lachisanu lomwelo 8 koloko usiku, inu muli kale kunyumba mukudya nsima.

Mlendo wa ku Joni: Si za tchuthi cha matenda zimenezi? Funsani kuti amapereka masiku angati.

Mayi a Mapasa: Ayi bambo, tchuthi chimakhala ndi ndime yakeyake.

Che Waya: Imelo ikhale yaifupi chonchi: "Bwana, zikomo chifukwa cha kontirakiti. Ndime 7 ikutchula SLA. Ndikumva kuti ndi Service Level Agreement, mundikonze ngati ndalakwitsa. Ndikupempha kope lake ndisanasayine Lachisanu, komanso ndidziwe ngati likukhudza bonasi kapena nthawi yanga yoyesedwa." Chinanso chofunsa: kasitomala akapanda kuyankha foni, wotchi imaima? Malo ambiri imaima pokhapokha mutasintha tikiti ya dandaulolo pa kompyuta kuti ioneke kuti ikudikira kasitomala, pena amalemba `Pending`. Mukaiwala, lipoti la mwezi limaonetsa kuti wachedwa ndinu.

Kadaunda265: Ine ndikuti ikapezeka mu kontirakiti ya wantchito, ndiye kuti akufuna pokugwirirani.

Membala wosatchula dzina: Ndatumiza. Nanga akati chikalatacho ndi chachinsinsi, ndidzachiona ndikayamba ntchito, ndisayine?

Che Waya: Mapangano a makasitomala amabisadi. Apempheni angokulemberani mu imelo maola okhudza mpando wanu, imeloyo muisunge.