Kasitomala akuopa ketulo ya 2000 W koma akufuna filiji ya kaunjika

Wamagetsi wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni mawu. Ndamaliza kuika mawaya a magetsi m'nyumba ya mayi ena ku Chilomoni, ndiye andipempha ndiwaperekeze kokagula katundu. Ketulo ayikana ataona 2000 W pansi pake, ati iwathera mayunitsi. Koma filiji yakale yolembedwa 150 W ayikonda, ati ndi yosadya magetsi. Ndikudziwa kuti zasemphana, koma ndikayamba kufotokoza ndikumangozungulira.

Mphunzitsi wa zamagetsi, Lilongwe: Achimwene, ayambitseni pa mita yawo. Yunitsi imodzi imene amagula ku ESCOM ndi 1 kWh, ndiye kuti chipangizo cha mawati 1000 chitayaka ola lathunthu. W ndi mawati, ndipo 1 kW ndi mawati 1000. Nambala ya W kapena kW imene yalembedwa pa chipangizo imangonena mphamvu imene chikukoka pa nthawi imene chayaka. Sinena za bilu mpaka mutaichulukitsa ndi maola. Ine ndimawauza za mpopi: kW ndi kukula kwa madzi akutuluka, kWh ndi madzi amene alowa mu ndowa. Mpopi waukulu wotsegulidwa kwa kanthawi kochepa sungadzaze ndowa ngati kampopi kodontha usiku wonse.

Tengani ketuloyo. Madzi a lita imodzi ndi theka imawiritsa pa mphindi pafupifupi zisanu. 2 kW × 5/60 = 0.17 kWh. Akawiritsa katatu pa tsiku ndi theka la yunitsi, pa mwezi mayunitsi 15.

Mnyamata wa ku Zomba: Ndiye filijiyo ndi 0.15 × 24 = 3.6 pa tsiku, mayunitsi 108 pa mwezi. Eti bwana?

Wokonza mafiliji, Limbe: Njira mwaipeza aphwanga, koma 24 mwawonjeza. Kompulesa, injini yoziziritsa filiji, siyaka tsiku lonse. Ikaziziritsa imazima yokha, kenako nkudzayakanso. Tinene kuti yayaka theka la tsiku, maola 12: ndi 1.8 pa tsiku, 54 pa mwezi. Ikadali kuposa ketulo ija katatu ndi kuposerapo. Koma ngati labala wa pachitseko anatha, pamenepo 24 wanuyo akhoza kukwana ndithu, chifukwa siipuma. Musanagule, panikizani pepala ndi chitseko nkulikoka. Likatuluka mosavuta, mpweya wozizira ukuthawira pomwepo. Ndaonapo ambiri akulira ndi mayunitsi mu Okutobala chifukwa cha kalabala kameneka.

Mafiliji atsopano ambiri amabwera ndi chomata cholembedwa kWh pa chaka. Imeneyo ndiyo nambala yoti mayiwo ayang'ane. Ikakhala 250, gawani ndi 12, mupeza mayunitsi pafupifupi 21 pa mwezi, ngakhale kotentha ngati ku Chikwawa ipitirira pamenepo.

Mnyamata wa ku Zomba: Nanga atagula ketulo ya 1000 W sangapulumutse theka?

Mphunzitsi wa zamagetsi, Lilongwe: Ayi. Madzi omwewo amafuna kutentha komweko. Ya 1000 W itenga mphindi khumi m'malo mwa zisanu, mayunitsi nkukhala omwewo. Chopulumutsa ndi kuthira madzi okwanira makapu amene akufuna basi.

Wa sola, Mzuzu: Ine ndikuti mayiwo akunena zoona, ketuloyo asagule. Sabata yatha kasitomala wanga analumikiza ketulo pa inveta ya 1 kVA, bokosi lopereka magetsi a sola m'nyumba limene silipitirira mawati 1000, inveta inangolira nkuzima nthawi yomweyo.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Awa sali pa sola akulu, ali pa mita yolipiriratu.

Wa sola, Mzuzu: Pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe musawauze kuti mawati alibe ntchito. Pa mavoti 230, ketulo ya 2000 W imakoka maampu pafupifupi 9. Pulagi ya mano atatu imalekera pa 13. Akaika ketulo ndi ayironi ya 1200 W pa ekisitenshoni imodzi afika pafupifupi 14, ndipo zambiri za pamsika waya wake ndi woonda. Mudzaona pulasitiki yachita chikasu pozungulira bowo, ikununkha kupserera.

Mphunzitsi wa zamagetsi, Lilongwe: Apo ndagwirizana nanu. Mawati ndi a waya, buleka ndi inveta. Mayunitsi ndi a thumba.

Wokonza mafiliji, Limbe: Ngati wogulitsayo angalole, aitengere kunyumba usiku umodzi. Ikazizira kaye, azimitse zina zonse, alembe mayunitsi a pa mita 9 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa. Kusiyanako achulukitse katatu, aonjezereko pang'ono chifukwa masana kumatentha ndipo chitseko chimatsegulidwa kawirikawiri.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Zikomo nonse. Za ketulo amva, tagula. Za filiji akukayikabe, ati yatsopano ndalama yake alibe pakadali pano, ndipo wa kaunjikayo wakana zoyesera kunyumba. Mawa ndipita ndi pepala langa ndikaone labala. Afunsanso za hotipuleti yophikira nyemba, ndawauza awerenge kaye maola amene nyemba zimakhala pamoto.